Chitseko cha kabati chikagwa

Kale chitseko cha kabati sichinkagwa. Chinkakalamba, chinkada ndi utsi wa kukhitchini, chinkayamba kulira ukamachitsekula m'mamawa pofuna shuga, koma kulirako kunkatha ndi dontho limodzi la mafuta a makina osokera, ndipo chitsekocho chinkapitiriza ntchito yake mpaka mwini kabati atatsikira kuli chete, ana n'kuyamba kulimbirana kabatiyo pogawana za masiye. Makabati amenewo tinkapanga ndi mlombwa, mbawa, kapena mkungudza wa ku Mulanje uja unkanunkhiritsa zovala ndi kuthamangitsa njenjete, mtengo umene mu 1984 unatchedwa mtengo wa dziko lino koma lero m'phirimo mwatsala zitsa. Matabwa otero sikuluwu ikalowamo inkaluma ndithu, ndipo poikhwefula patapita zaka makumi atatu unkachita kutuluka thukuta. Lero ndikayenda m'nyumba za ana athu m'tauni muno ndimapeza zitseko zitatsamira khoma pansi pa sinki, zina zikulendewera pa hinjesi imodzi, eni ake akudikira tsiku loti adzaitane mmisiri, pamene kabatiyo sinathe ndi zaka zisanu zomwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri si kugwa kwa chitsekocho ayi. N'chakuti mwini wake akanyamuka kupita kuhadiweya amangoti, "Ndipatseni mahinjesi a kabati," ngati kuti mahinjesi onse ndi amodzi, ndipo wogulitsayo, mnyamata amene sanagwirepo tchizulo chibadwire, amangotola amene ali pafupi ndi dzanja lake. Safunsa anadya phula. Mahinjesi amene amakhala pa makabati athu ndi a mitundu itatu, ya bati, yobisika, ndi ya piyano, ndipo chitseko chokha chimakuuza mtundu wake ngati wadekha n'kuchiyang'ana, choyamba chili chotseka, kenako chili chotsekula.

Chitsekeni chinzake chimene chatsala chili bwino, mubwerere m'mbuyo pang'ono. Mukaona m'mbali mwa chitseko timfundo tiwiri tachitsulo tobulungira, kena chakumtunda kena chakumunsi, kalikonse kotalika ngati chala, imeneyo ndi hinjesi ya bati. Mukaona mzere umodzi wachitsulo wotsika osadukiza kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndi ya piyano. Mukapanda kuona kanthu, chitseko chili mbee ngati chinamera pomwepo, ndiye kuti ndi yobisika, ndipo nkhani yake yonse ili m'kati.

Ine ndinakulira pa hinjesi ya bati, ndipo sindibisa kuti mtima wanga uli pomwepo. Ndi chinthu chopanda chinyengo: mapiko awiri aphanthiphanthi, mfundo zolukana pakati, kawirikawiri zitatu kapena zisanu, ndi pini wolowa m'mfundomo. Palibe china. Ya kabati inkakhala ya mainchesi awiri, awiri ndi theka, kapena atatu, zimene ana a lero amawerenga kuti mamilimita 50, 63 ndi 75. Amisiri amene anandiphunzitsa ntchito, Mulungu awusitse mzimu wawo, ankasunga mahinjesi a bulasi m'chitini chakale cha fodya, atakulungidwa m'pepala lonyowa mafuta, ndipo ankawawerenga madzulo aliwonse ngati ndalama, popeza nthawi imeneyo, kwacha isanabwere mu 1971, tinkawagula ndi masheleni ovuta kupeza. Ankalemera m'manja. Ukawapinda sankagwedera, ankayenda mwaulemu, ndipo m'mphuno munkatsala kafungo ka chitsulo ndi fodya.

Hinjesi imeneyi sikhala pamwamba pa thabwa. Imasemeredwa malo ake. Unkaika hinjesi m'mphepete mwa chitseko, kusiya kuchokera pamwamba mpata wofanana ndi kutalika kwa hinjesiyo, n'kulemba mzere ndi mpeni, osati pensulo, chifukwa mzere wa pensulo ndi wonenepa ndipo umanama. Kenako tchizulo chakuthwa choti n'kumeta nacho tsitsi la pamkono, kugogoda pang'onopang'ono, timapalepale ta mlombwa tofiirira tikugwera pa zala za kumapazi, mpaka kamphako katakwanira phiko bwinobwino, moti ukapititsapo chala uli chitsinzinire sungadziwe pamene pathera thabwa ndi pamene payambira chitsulo. Phiko lokhala ndi mfundo zambiri linkapita ku kabati, la mfundo zochepa ku chitseko. Kamphako kameneka si kokongoletsa chabe. Ndi kamene kamanyamula chitseko, popeza chitsulo chimakhalira pa phewa la thabwa, masikuluwu n'kungotsala ndi ntchito yochigwiriziza kuti chisatulukemo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero amisiri anga akaona ndikufulumira, kwinaku akundilanda hamala.

Ndiye ngati mwatsekula chitseko chanu n'kupeza kamphako kamakona anayi m'mphepete mwake, musayang'anenso mtundu wina. Yezani zinthu zitatu pa hinjesi yakaleyo: kutalika kwake, kutambalala kwake mapiko onse atatambasulidwa, ndi kuchindikala kwa phiko. Chachitatuchi ndi chimene anthu amaiwala, pamene ndi chimene chimabweretsa mavuto. Mahinjesi a masiku ano ambiri ndi a lata lopindidwa, opyapyala kuposa akale, ndipo mukalowetsa yopyapyala m'kamphako kamene anasemera yochindikala, imamira. Chizindikiro chake n'chakuti chitseko chikatsala pang'ono kutsekeka chimalimba, mukachikankha n'kuchisiya chimabwerera chokha, chifukwa thabwa la chitseko lagunda thabwa la kabati hinjesi isanathe kupinda. Mukachikakamiza tsiku ndi tsiku chimazula masikuluwu. Mankhwala ake ndi aang'ono: dulani kachikatoni kopyapyala, ngakhale ka bokosi la machesi, kofanana ndi phiko, mukaike pansi pake kuti chitsulo chikwere chifanane ndi thabwa. Hinjesi ikakhala yochindikala kuposa kamphako, mudzaona mpata waukulu kumbali ya mahinjesi, chitseko n'kumakhula mbali inayo, ndipo pamenepo pamafunika tchizulo, kupala pang'ono chabe.

Musanyengedwenso ndi kuwala. Ambiri amene amaoneka achikasu pa shelefu ndi chitsulo wamba chopakidwa utoto wa bulasi, ndipo mvula ikagwa kawiri amatuluka dzimbiri lodetsa thabwa. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa mupite nawo m'thumba. Bulasi weniweni sagwira maginito. Hinjesi ikawamamatira, mwadziwa chimene mukugula. Mukapeza masikuluwu a bulasi, kumbukirani kuti ndi ofewa ndipo m'thabwa lolimba ngati mlombwa amaduka mutu. Ife tinkayamba taboola kabowo, kulowetsamo sikuluwu yachitsulo yofanana nayo kuti itsegule njira, kuitulutsa, ndiyeno kupaka ya bulasiyo sopo kapena kandulo. Ndipo mizere ya pamitu ya masikuluwu onse inkayenera kuloza mbali imodzi, ngakhale m'kati mwa kabati mmene palibe adzayang'ane. Lero ndimaona anyamata akukhomera sikuluwu ndi hamala ngati msomali, ndimangoyang'ana kumbali.

Bowo likakula moti sikuluwu ikungozungulira, m'thabwa lenileni si maliro. Umasema kamtengo kouma, kukaviika m'guluu, kukakhomera m'bowomo, kudikira kuti kaume, kukadula kuti kafanane ndi thabwa, n'kuboolanso. Kabati imodzi inkatha kukonzedwa choncho mibadwo itatu, chifukwa thabwa limalola kukonzedwa.

Hinjesi ya piyano sindidzaitayira nthawi yambiri, pakuti siivuta kuizindikira. Ndi hinjesi ya bati yomwe ija koma yopyapyala ndi yaitali, imene imagulitsidwa m'mikwamba yotalika pafupifupi mamita 1.8, iwe n'kudulapo ndi hakiso muyezo wa chitseko chako. Tinkaiika pa zivundikiro za mabokosi a zovala amene atsikana ankapita nawo ku ukwati, pa madesiki, ndi pa zitseko za matabwa opyapyala amene sangalole kusemedwa kamphako kapena kulandira sikuluwu yaitali. Nzeru yake ndi ija ya akuluakulu yakuti mutu umodzi susenza denga: m'malo moti kulemera kwa chitseko kukhale pa malo awiri, kumagawidwa pa timasikuluwu tambirimbiri totsika mzere wonse. Pogula ina, yezani kutambalala kwake itatambasulidwa, popeza pali ya mamilimita 25, ya 32 ndi ya 38, ndipo phiko limodzi lisapose kuchindikala kwa chitseko chanu. Mukaidula, finyani mfundo yakumapeto ndi pulayala kuti waya wa m'kati asamatsetsereke n'kutuluka. Poimanga, yambani ndi masikuluwu atatu okha, pamwamba, pakati ndi pansi, muyese kutseka, ndipo otsalawo muwaike pokhapokha chitseko chitakhala bwino, chifukwa hinjesi imeneyi ilibe pokonzera ikamangidwa mokhota. Mitu ya masikuluwu ikhale yaing'ono ndipo imire, apo ayi idzagundana mapiko akamapinda, chitseko n'kumakana kutsekeka.

Tsopano ndifike pa yobisika, imene yadzaza m'makhitchini onse a masiku ano kuyambira ku Area 25 mpaka ku Chilomoni. Sindikunena kuti amene anaipanga analibe nzeru. Inachokera ku Ulaya, kumene makampani monga Blum wa ku Austria, Hettich wa ku Germany ndi Salice wa ku Italy amaipanga, ndipo inabwera pamodzi ndi thabwa lake, chipibodi, utuchi wopanikizidwa ndi guluu n'kuvekedwa chikopa chosalala. M'mphepete mwa chipibodi simungagwire sikuluwu, ndiye anaganiza zoboola dzenje lozungulira kumsana kwa chitseko kuti chitsulo chikhalemo. Mukatsekula chitseko mudzaona zigawo zitatu: kapu yomira m'dzenjemo, mkono wochoka pa kapuyo wokhala ndi sipuling'i m'kati, ndi kapuleti komangidwa pa khoma la m'kati mwa kabati, pamene mkonowo umakolekera. Kunja kuli mbee, kosalala, kokongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mdzukulu wanga wamkazi anandiitana chitseko cha pansi pa sinki yake chitagwa. Ndinapeza mwamuna wake atagula kale mahinjesi awiri atsopano, atawamanga, koma chitsekocho chikukwera pa chinzake, ukatsekula china, chinacho n'kumakhulika utoto.

"Agogo, wogulitsayo anati onse ndi amodzimodzi," anatero mdzukuluyo.

"Bweretsa yakale ija, mwanawe," ndinamuuza. Mwamwayi anali asanaitaye.

Ndinaika yakale ndi yatsopano pa tebulo chammbali, mikono yake ikuoneka bwino, n'kuwauza kuti ayang'ane okha. Mkono wa yatsopano unali wowongoka. Wa yakale unali ndi kabondo, kupindika pang'ono pafupi ndi kapu. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mahinjesi obisika, ndipo ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Mkono wowongoka ndi wa chitseko chimene chikatsekeka chimaphimba pafupifupi mphepete yonse ya thabwa la m'mbali mwa kabati. Wa kabondo kakang'ono ndi wa zitseko ziwiri zomangidwa pa thabwa limodzi lapakati, china uku china uku, chilichonse n'kumaphimba theka lokha. Wa bondo lalikulu ndi wa chitseko cholowa m'kati mwa kabati, mphepete yonse ya thabwa n'kumaonekera kunja. Kwa mdzukulu wangayu thabwa lapakati linali la mamilimita 18, ndipo zitseko ziwiri zinkagawana thabwa limenelo, chilichonse kuphimba mamilimita 7 kapena 8, pakati n'kutsala kampata. Hinjesi ya mkono wowongoka inkakankhira chitsekocho kuti chiphimbe pafupifupi thabwa lonse, pamalo pamene chinzake chinali kale. Ngakhale akanapotokola masikuluwu okonzera mpaka dzuwa kulowa sizikanatheka, chifukwa masikuluwu amenewo amasuntha chitseko mamilimita awiri kapena atatu basi.

Tinayeza zina zotsala mwamuna wake asanabwerere kuhadiweya. Dzenje la kapu linali la mamilimita 35, monga amakhalira ambiri, ngakhale pa timakabati ting'onoting'ono pamapezeka a 26, ndipo kapu ya mtundu wina silowa m'dzenje la unzake. Kuya kwa dzenje kumakhala pakati pa mamilimita 11 ndi 13, choncho pa chitseko cha mamilimita 16 pamatsala kachikopa kochepa kwambiri, ndipo amene amafuna kuzamitsa dzenje kuti kapu yakuya ikwanemo amatulukira kutsogolo kwa chitseko. Ndinawayezetsanso mtunda wa pakati pa masikuluwu awiri a pa kapu, popeza wopanga aliyense ali ndi muyezo wake, wina mamilimita 45, wina 48, wina 52, ndipo ukalakwitsa pamenepo umaboola mabowo atsopano pafupi ndi akale, chipibodi n'kufumbutuka pakati pake. Ndinawauza kuti agule hinjesi pamodzi ndi kapuleti kake, chifukwa mkono wa kampani ina nthawi zambiri sugwira pa kapuleti ka kampani ina, ndiponso ina imalowa mochita kutsetsereka n'kumangidwa ndi sikuluwu pamene ina imangokanikizidwa n'kumveka kuti khethe. Palinso za kutseguka kwake. Zambiri zimatseguka madigiri pafupifupi 100 kapena 110, koma za makabati a pakona zimafika 165 kapena 170, ndipo zimenezi mkono wake ndi waukulu, wa mfundo zambiri, sungaisokoneze ndi inzake ukaziika pamodzi.

Ndinamutuma mwamuna wake uja ndi hinjesi yakale m'thumba, kapuleti kake komwe, ndi mawu akuti asalandire chilichonse asanachiike pambali pa yakaleyo pa kauntala. Ndinamuuzanso agule awiri, asinthe onse. Hinjesi yatsopano ya sipuling'i yolimba ikagwira ntchito ndi yakale yotopa, chitseko chimapotoka pang'onopang'ono mpaka yakaleyo kuthyoka.

Ali kumeneko ndinagwada, mawondo akulira, kuyang'ana chimene chinagwetsa chitsekocho poyamba, pakuti hinjesi kawirikawiri siifa yokha. Paipi ya sinki inkadontha. Madzi anali atalowa m'munsi mwa thabwa lapakati, chipibodi n'kutupa, ndipo pamene panali masikuluwu a kapuleti kam'munsi panatsala zibowo ziwiri zazikulu zoti n'kulowetsamo chala chaching'ono. Ndinakanda ndi chikhadabo, utuchi wonyowa wonunkha chinyontho n'kumayoyokera m'dzanja langa ngati gaga. Ndinakhala pansi kanthawi ndithu ndikuuyang'ana utuchi umenewo, ndikukumbukira kabati ya mkungudza imene ndinapangira malemu mkazi wanga chaka chimene tinakwatirana, imene inanyowapo denga litadontha dzinja lonse, ife n'kungoiumitsa padzuwa, ndipo mpaka lero ili kwa mwana wathu wamkulu kumudzi ndi mahinjesi ake oyamba. M'thabwa lotupa lotere kamtengo ndi guluu sizithandiza, chifukwa palibe chogwirapo. Chimene chimathandiza ndi lata lamakona anayi lokonzera, limene limaphimba bala lonse n'kumangidwa ndi masikuluwu patali, pamene thabwa likadali louma, hinjesi n'kumangidwa pa latalo. Likasowa, umasuntha hinjesi yonse kupita pamalo abwino, kutanthauza kuboola dzenje latsopano la mamilimita 35 ndi chiboolera chake chapadera cha pansi pafulati, m'mphepete mwa dzenjelo kusiya mamilimita 3 mpaka 6 kuchokera m'mphepete mwa chitseko, ndipo mabowo a kapuleti, otalikirana mamilimita 32, kuwaika mamilimita 37 kuchokera kutsogolo kwa kabati. Zonsezi manambala okhaokha. Amisiri anga akanamva akanaseka mpaka misozi.

Mnyamatayo atabwera ndi mahinjesi a kabondo kakang'ono ndi lata lokonzera, ntchito sinachedwe. Apa ndivomereze kuti hinjesi yobisika ili ndi ulemu wake umodzi, wakuti chitseko chimakonzeka chili chimangire. Sikuluwu yakutsogolo pa mkono imasunthira chitseko kumanja kapena kumanzere, yakumbuyo imachiyandikitsa kapena kuchitalikitsa ku kabati, ndipo a pa kapuleti akakhwefulidwa chimakwera kapena kutsika. Ndinayamba ndi kukwera ndi kutsika kuti m'munsi mwake mufanane ndi chinzake, kenako kumbali mpaka kampata ka pakati pa zitseko kanafanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo ndinamalizira ndi yakumbuyo kuti chisakhule kabati potseguka. Kupotokola theka, kutseka, kuyang'ana, kupotokolanso. Mdzukulu wanga anaombera m'manja kuti n'zophweka, ndipo n'zoona. Koma kuphweka kumeneko ndi kumene kwachititsa kuti mnyamata athe zaka akupanga makabati osadziwa kunola tchizulo, popeza zimene kale zinkakhala m'diso ndi m'dzanja la mmisiri anaziika mu sikuluwu. Ife tinalibe sikuluwu yotikhululukira. Ukasema mokhota, chitseko chinkakhota pamaso pa mudzi wonse, ndipo dzina lako linkakhota nacho.

Mdzukulu wangayo anandifunsa ngati sikukanakhala bwino kungochotsa zonsezo n'kuikapo mahinjesi a bati amene ndimawatamawo. Ndinamuuza kuti ayi. Bati imafuna thabwa lenileni m'mphepete, mlombwa, mbawa, ngakhale paini wa ku Chikangawa, ndipo m'mphepete mwa chipibodi ingazuke mwezi usanathe. Ngati pa chipibodi pafunika china m'malo mwa yobisika, bola ya piyano, chifukwa cha kuchuluka kwa masikuluwu ake, ngakhale kuti chitseko sichidzadzitsekanso chokha ndipo padzafunika kotsekera ka maginito. Kumbali inayo, kuboola dzenje la kapu pa chitseko chakale cha felemu ya mlombwa n'kuwononga chinthu chimene sichidzapezekanso, ndipo felemu zambiri zakale n'zopapatiza moti kapu ya mamilimita 35 ingafooketse thabwa. Ndinaonapo kabati ya mbawa ya m'ma 1960 itachitidwa zimenezo ndi mmisiri wina wa m'misika, kamphako kakale ka bati kali pululu pambali pa dzenje latsopano, mwini wake atalipira ndalama kuti amuwonongere.

Ndisanachoke ndinamuuza mwamuna wake kuti aitane pulambala sabata lomwelo, chifukwa paipi ija ikapitiriza kudontha, lata lokonzeralo lidzazuka pamodzi ndi thabwa lonse, ndipo pamenepo sipadzakhalanso pomanga hinjesi ya mtundu uliwonse.